Chaka chakwana chikonzereni batire lathu loyamba lodula piki ku Limbe

Abale anga, mwezi uno takwanitsa chaka chathunthu batire lomwe tinaika pa nyumba ina ya malonda ku Limbe likugwira ntchito osaphonya, ndiye ndati ndifotokoze momwe tinayendera poti ambiri mumatidziwa ngati anyamata a sola ndi mainvata basi. Kampani yathu ndi yaing'ono, ine, mchimwene wanga ndi anyamata atatu, tinayamba ndi kuika mapanelo m'makomo nthawi ya kuthimathima kwa magetsi ija.

Nyumba ndikunenayi pansi pali bekale ndi chipinda chozizira chosungiramo nyama, pamwamba maofesi. Eni ake ndi bambo wachikulire, tsiku lina anandiitana nandionetsa bilu, akuti "aise, mayunitsi sitikugwiritsa ambiri koma mzere uwu ukundimaliza." Mzere wake unali wa Maximum Demand. Kwa amene simukudziwa, makasitomala akuluakulu a ESCOM salipira mayunitsi okha ayi, amalipiranso pa kVA, kutanthauza mphamvu yaikulu yomwe nyumba inakoka pa nthawi imodzi. Mita yawo imalemba avereji ya mphindi 30 zilizonse, ndiye theka la ola limodzi lokha pomwe mauvuni, makompuresa ndi maeyakoni zalira pamodzi ndi lomwe limakhazikitsa mtengowo, ngakhale masiku ena onse munali phee. Ntchito ya batire apa ndi yoti nyumba ikafuna kudutsa mlingo womwe mwaika, ilo limathira mphamvu yotsalayo kuti mita isaone chitunda chija, ife timangoti piki.

Apa ndi pomwe tinagwa koyamba ndipo sindibisa. Tinayang'ana bilu yokha, piki inali pafupifupi 180 kW, tinagwirizana zoidula ifike 140, kusiyana kwake 40 kW. Ine m'mutu ndinangoti piki siingapitirire ola limodzi, 40 kWh, kutanthauza mayunitsi 40, yakwana, tinagula batire la 50 kWh. Amene anatigulitsa uja anachita kulumbira kuti ndi lokwana ndi kutsala, osafunsa ngakhale funso limodzi la momwe nyumbayo imakokera magetsi, ndipo zitavuta foni yathu anasiya kuyankha. Akudzidziwa.

Miyezi yozizira zinkaoneka ngati zatheka. Kenako Okutobala, kutentha kuja kwa ku Blantyre, tsiku lina masana batire linatha piki ili pakati, mita inalemba 167. Ndinaima m'kachipinda ka magetsi thukuta lili kamukamu ndikuyang'ana sikirini ya invata ikuonetsa kuti batire lauma, bambo aja ali pakhomo osayankhula kanthu, anangopinda manja. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndalama za munthu zalowa koma bilu yatsika pang'ono chabe.

Mchimwene wanga ndi amene anati tisiye zongoganizira, tipeze zomwe mita inalemba. Eni nyumba anapempha, tinapeza fayilo ya miyezi 12, mizere 48 pa tsiku, chaka chonse 17,520. Tinaika mu Excel, mphamvu ya theka la ola lililonse mu kolamu B, pambali pake tinalemba ichi n'kukokera mpaka pansi:

```
=MAX(0,B2-140)*0.5
```

Chimenechi chimakuuzani ma kWh omwe batire liyenera kutulutsa pa theka la ola limenelo kuti mita isadutse 140. Mukatero mumaphatikiza tsiku ndi tsiku n'kufufuza tsiku loipitsitsa. Lathu linali ndi mizere sikisi yotsatizana, 150, 165, 180, 172, 158 ndi 146, maola atatu athunthu osati limodzi lomwe ndinkaganiza lija. Zopyola pa 140 ndi 10, 25, 40, 32, 18 ndi 6, pamodzi 131, kugawa pawiri poti ndi matheka a ola, 65.5 kWh. Ndiye batire silipereka zonse zolembedwa pa chikwangwani chake, pali gawo lomwe sulikhudza kuti likhalitse, zina zimatayika mu invata, komanso likamakalamba limachepa mphamvu, ife timawerengera 80 peresenti. La 50 lija linkapereka 40 yokha. Mizere itatu yoyamba inadya 37.5, wachinayi umafuna 16 koma munatsala 2.5, yongokwana kuchotsa 5 kW pa 172, ndi 167 ija imeneyo. Nditaona nambala ikugwirizana ndendende ndi bilu mtima unandiwawa komanso unakhala pansi, chifukwa tsopano vuto ndimalidziwa. Chofunika chinali 65.5 kugawa ndi 0.8, pafupifupi 82 kWh, tinaonjezera kufika 90. Invata ya 50 kW inali bwinobwino poti chopyola chachikulu ndi 40.

Chomwe fayilo ija inandiphunzitsa kwambiri ndi chakuti piki ndi yopyapyala pamwamba, yotambalala pansi. Kuchoka pa 180 kufika 170 pa tsiku lomwelo kumangofuna 6 kWh. Koma kuchoka pa 140 kufika 130 kumafuna 35 kWh ina yoonjezera, chifukwa mizere yonse sikisi ikukula komanso ina iwiri ya m'mbali, 136 ndi 134, yalowanso. Phindu pa bilu ndi lofanana, 10 kW, koma mtengo wa batire ndi wosiyana kutalitali. Bambo aja ankafuna 130, ndinawauza kuti bwana pamenepo mukhala mukugula batire lodula kuti lidzigwira ntchito masiku owerengeka pa chaka, tiime pa 140. Ndipo nyumba ina ku Lilongwe tinakaniratu kuikako batire, magetsi omwe amakoka amakhala okwera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, palibe piki yoti udule, batire lingangowadyera ndalama.

Panali kenanso kakang'ono koma koopsa. Batire likatsika invata imathamangira kutchaja ndi mphamvu zake zonse, ndiye nyumba ikukoka 120 iwe n'kuonjezera 50, wapanga wekha piki ya 170. Tinaikonza kuti idzitchaja usiku, ndipo masana isadutse mpata wotsala pansi pa 140. Komanso poti bilu ili mu kVA osati kW, timayamba taona pawa fakita, nambala yoonetsa kusiyana kwa ziwirizi, ngati mamota akuigwetsa, makapasita oikweza ndi otchipa kuposa batire, yambani ndi amenewo. Za kugwiritsa batire lomwelo magetsi akathima tinagwirizana kuti ayi, jenereta ilipo, chifukwa magetsi akabwera makompuresa onse amadzuka pamodzi ndipo nthawi imeneyo batire likufunika likhale lodzadza.

Ndalama zoonjezera batire zija tinalipira tokha theka. Tinapita kukapempha ngongole kwina kwake anatiyendetsa miyezi iwiri, mapeto ake akuti bizinesi yanu sitikuimvetsa, lero omwewo akutitumizira mauthenga otitsatsa ngongole.

Ndithokoze Mulungu poyamba. Ndithokoze bambo aja, akanatha kutithamangitsa ndi kutiipitsira mbiri Limbe yense koma anati "ana anga konzani, ndikudikirani." Mayi a kunyumba omwe anapirira miyezi itatu ndisakubweretsa kanthu, mchimwene wanga amene anakhala pa laputopu mpaka tambala woyamba, anyamata athu omwe ananyamula mabatire olemera aja pa masitepe opanda dandaulo, mayi a ku akaunti a nyumbayo amene amatitumizira bilu mwezi ndi mwezi, ngakhale alonda omwe ankatitsegulira geti Lamulungu, nonse zikomo kwambiri. Okutobala wa chaka chino wadutsa mita isanadutsepo 140.

Ndiye ngati muli ndi hotela, chigayo, sukulu kapena nyumba ya maofesi ndipo mzere wa kVA ukukuwawani, tipezeni. Mutibweretsere mabilu a miyezi 12 ndi fayilo ya mita, ngati fayiloyo palibe timamangirira kachipangizo kathu kolemba pa bolodi yaikulu, makamaka m'miyezi yotentha. Kuwerengera koyamba sitilipiritsa, ndipo mtengo wa batire timautchula pokhapokha tsiku lanu loipitsitsa taliona.