Loweruka lomwe tinali ndi mabwana atatu

Sabata yatha inayenda monga zimakhalira msonkhano wa anthu 400 ukayandikira: Lolemba mipando ndi matenti, Lachitatu kuyesa zokuzira mawu, Lachinayi kukangana ndi ophika pa chiwerengero cha mbale. Izo mukuzidziwa. Chandilembetsa ndi Loweruka, pa holo ina ya m'mbali mwa msewu wa Great East.

Magetsi anazima 11:20. Muno mu Lusaka zimenezo si nkhani, jenereta inalipo ndipo inalira. Koma mnyamata woyang'anira jeneretayo atayang'ana mu thanki anapeza malita osapitirira 20, pamene makina a 60 kVA atanyamula katundu ngati wathu amamwa pafupifupi malita 10 pa ola, ndipo pulogalamu inali yofika 16:00. Eni holo ankati dizilo ndi wa komiti, komiti inkati ali mu mtengo wa holo. Pankafunika K1,500 yokha, ndi munthu mmodzi woti anene kuti gulani.

Munthuyo sanapezeke. Atcheyamani anali ku gome la alendo olemekezeka, foni atazimitsa. Asungichuma anali ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kukatenga mlendo. Mindandanda ya manambala inali itatu: wa pa gulu la WhatsApp, wosindikizidwa Lachiwiri, ndi wina wa m'kope la alembi. Nambala ya eni jenereta yomwe ambiri tinali nayo inali ya ku ofesi, ndipo palibe ankayankha.

Ndiye aliyense anakhala bwana. Wina wa mu komiti anauza woyendetsa mwambo kuti alengeze kupuma, wina anatuma dalaivala ndi zigubu koma opanda ndalama, wachitatu anapita kukhitchini. Mayi wamkulu wa ophika anandifunsa, supuni ili m'manja: "Achimwene, awa akuti tigawe tsopano, awo akuti 13:30. Ndimvere ndani?" Anavundukula miphika 12:00, mwambo n'kuyambiranso 12:10, ndipo alendo anadzadya nsima yozizira. Magetsi sanavutenso chifukwa dalaivala analipira dizilo ndi ndalama zake, zomwe mpaka lero akuzilondola.

Chimene chinasowa ndi pepala limodzi. Mndandanda wa tsiku la mwambo uzikwana pa tsamba limodzi, ndipo uziyamba ndi ntchito, osati dzina, chifukwa munthu wothamanga amafuna "jenereta", sakumbukira kuti mwini wake ndani. Mzere uliwonse ukhale ndi ntchito, dzina, manambala awiri a makampani osiyana, mwachitsanzo MTN ndi Airtel, womugwirizira akasowa, ndi pamalo pomwe aziima. Nambala ikhale ya amene adzakhale pamalopo, dalaivala weniweni kapena wamagetsi weniweni, osati ya amene anasaina mgwirizano. Mwini mndandanda akhale mmodzi. Lachisanu 18:00 aimbe nambala iliyonse, autseke, alembe tsiku ndi nthawi pamwamba, asindikize. Wakale ung'ambidwe. Gulu la WhatsApp musalidalire: uthenga wofunika umamira pakati pa zithunzi za maluwa, ndipo pofika masana mafoni ena amakhala atatha moto.

Chovuta kwambiri ndi mphamvu zogamula, chifukwa makomiti sakonda kuzipereka. Amafuna ugwire ntchito koma chikwama chikhale kwa iwo. Kuseri kwa pepala lomwelo palembedwe malire, komiti isaine: mkulu wa gawo agamule yekha mpaka K1,000, wogwirizanitsa zonse mpaka K5,000, ndipo ndalamazo akhale nazo m'manja kapena mu foni, osati m'lonjezo. Zopitirira apo ndiye za asungichuma. Woimbiridwa kawiri mu mphindi zitatu osayankha, womugwirizira agamule, ndipo Lolemba asaimbidwe mlandu. Mukangomudzudzula kamodzi, ulendo wina adzangokhala chete n'kumadikira.

Kusintha nthawi ya pulogalamu kukhale kwa munthu mmodzi yekha, chifukwa kumakhudza khitchini, mabasi ndi alonda nthawi imodzi. Woyendetsa mwambo ndi ophika auzidwe m'mawa, maso ndi maso, kuti mawu a munthu wina, kaya wavala suti yotani, ayankhe kuti "kauzeni wogwirizanitsa". Munthu ameneyu asakhale ku gome lapamwamba, asalankhule pa mwambo, asatumidwe kunja kwa geti. Muone ngati mwagawa bwino pa msonkhano wa mphindi 15 wa 07:00: funsani kuti magetsi akazima wogula dizilo ndani. Akakweza manja awiri, kapena onse akayang'anana, simunakonzeke.

Lamlungu tinapasula matenti, mipando 6 inasowa. Lolemba ndinapereka pepala la malire a ndalama ku komiti. Andiyankha kuti adzalikambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa.