Musalonjeze ntchito pa tsiku lomwe muimalize

Anzanga omasulira Chingelezi ndi Chichewa pa intaneti kuno ku Dedza, kasitomala amathawa msanga womasulira wochedwa kuposa wodula. Masamba amene mungamalize Lachitatu, muuzeni Lachinayi, chifukwa magetsi ndi netiweki zingakuchedwetseni.

Ntchito ikangofika, koperani mafayilo onse mu laputopu, muzilemba intaneti ili yotseka. Google Docs imalola zimenezi, koma muyambe mwatsegula `Offline` netiweki ilipo. Magetsi atazima kale n'kuchedwa. Bandulo imathera pa Windows Update mwakachetechete, choncho mukalumikiza laputopu ku hotisipoti ya foni, mu laputopumo ikani `Metered connection`.

Pawabanki ikhale ya foni basi, chifukwa foniyo ndiyo yotumizira ntchito. Khalaninso ndi simu ziwiri, TNM ndi Airtel: kumapiri kuno ina imagwira pomwe inzake yakana.