Kugawa masabata 12 okonzekera mayeso a Security+ uli pa ntchito

Munthu wogwira ntchito tsiku lonse akamalemba ndandanda yowerengera, nthawi zambiri amayamba ndi kuwerenga mitu ya m'buku n'kuigawa pa masabata 12. Apa ndi pomwe zimayambira kusokonekera. Choyamba kudziwa ndi maola amene alipodi, ndipo amakhala ochepa kuposa momwe timaganizira.

Titenge mayeso a chitetezo cha makompyuta a CompTIA Security+, mtundu wa SY0-701 umene unatuluka mu 2023. Mafunso ake sapitirira 90, nthawi ndi mphindi 90, ndipo kuti ukhoze umafunika 750 pa sikelo yoyambira 100 mpaka 900. Wogwira ntchito angakwanitse ola limodzi patsiku kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, maola 3 Loweruka, ndi ola limodzi Lamlungu lobwereza za sabatayo. Lachisanu alisiye, chifukwa mutu umakhala utatopa kale. Amenewa ndi maola 8 pa sabata, 96 onse pamodzi. Wolemba maola 20 pa sabata amangodzinamiza, ndipo ndandanda yotero siichedwa kutayidwa.

Pa masabata 12 amenewa, ophunzira zinthu zatsopano ndi 8 okha, kutanthauza maola 64. Agawidwe molingana ndi kulemera kwa zigawo zisanu za mayeso, monga zalembedwera m'chikalata cha zolinga za mayeso chimene CompTIA imapereka. General Security Concepts ndi 12 peresenti, choncho ipatsidwe maola 8, sabata yoyamba basi. Threats, Vulnerabilities, and Mitigations ndi 22 peresenti, maola 14. Security Architecture ndi 18 peresenti, maola 11. Security Operations ndiyo yaikulu, 28 peresenti, maola 18, ndipo Security Program Management and Oversight ndi 20 peresenti, maola 13.

Chigawo chomalizachi n'chimene anthu odziwa makompyuta amachinyoza, poti n'cha malamulo, mapangano ndi kuyeza chiopsezo. Chimabwera kumapeto kwa buku, mphamvu zitatha, koma gawo limodzi mwa magawo asanu a mayeso lili mmenemo. Ndi bwino kuchibweretsa pakati, mwina sabata ya 4 ndi ya 5, n'kumalizira ndi Security Operations. Wosadziwa bwino za netiweki adzaona kuti maola 11 a Security Architecture samukwana. Iyeyo atengeko maola ena a Loweruka kuti amvetse kaye ma adiresi a IP ndi madoko, monga 22 ya SSH, 443 ya HTTPS ndi 3389 ya RDP.

Sabata ya 9 ikhale yopanda kanthu. Ntchito idzachuluka, kapena mudzadwala, ndipo sabata ina idzatayika. Zikatero musawirikize maola a sabata yotsatira, ingokankhirani zotsalazo ku sabata ya 9. Mukaona kuti mwatsalira ndi masabata awiri musanafike pakati, vuto ndi ndandandayo. Sunthani tsiku la mayeso nthawi ikadalipo, motsatira malamulo a kumene munalembetsa.

Ola la pakati pa sabata lisathere pa vidiyo. Mphindi 10 zoyamba lembani zadzulo buku lili chotseka, mphindi 35 phunzirani zatsopano, ndipo 15 zomaliza yankhani mafunso a mutu womwewo. Vidiyo imapusitsa: zonse zimamveka pamene wina akufotokoza, koma mukafunsidwa kusiyana kwa IDS ndi IPS, zida zozindikira olowerera netiweki, mawu amasowa, ngakhale yankho lake ndi lalifupi, loti yoyamba imangochenjeza pomwe yachiwiri imathanso kutchinga. Loweruka ndi logwira ndi manja, chifukwa mayesowa ali ndi mafunso ochita, monga kukonza malamulo a chotchingira netiweki kapena kuwerenga zimene makina alemba. Ikani kompyuta yoyeserera mkati mwa kompyuta yanu n'kuifufuza ndi nmap, pulogalamu yoona madoko otseguka, polemba adiresi ya IP ya kompyuta yoyesererayo, yanu yokha osati ya wina:

```
nmap -sV 192.168.56.101
```

Doko lililonse lotseguka limene latuluka, nenani ntchito yake ndi chifukwa chimene mungalitsekere.

Masabata a 10 ndi 11 ndi a mayeso oyeserera athunthu, amodzi Loweruka lililonse, mphindi 90 osaimitsa wotchi. Kuwunika zimene mwalakwa kumadya nthawi yoposa mayesowo, choncho masiku a pakati pa sabata apite kumeneko. Funso lililonse lolakwa lilembedwe chifukwa chake: simunadziwe, munasokoneza zinthu ziwiri, kapena simunaone mawu ngati BEST ndi FIRST. Loyamba limafuna kubwerera m'buku, lachiwiri kulemba zinthu ziwirizo moyandikana, lachitatu kungowerenga mofatsa. Malikisi akamakwera pa mafunso amene munawaonapo koma n'kutsika pa atsopano, ndiye kuti mwaloweza mayankho. Musawerengenso 750 ija ngati 83 peresenti, chifukwa sikeloyo siyenda choncho.

Sabata ya 12 musatsegule mutu watsopano. Bwerezani mndandanda wa zolakwa uja, ndipo konzekerani kudumpha mafunso ochita akakuvutani poyamba, n'kuwabwerera mutamaliza osankha yankho.