Zimene ndinaphunzira za mafuta a pa chiwaya cha achimwene

Teremu yapitayi tinaphunzira za mafuta okazingira, ndipo nthawi yonse imene aphunzitsi ankalankhula, mtima wanga unali pa chiwaya cha achimwene anga pa siteji ya minibasi kwathu. Titatsekera ndinapita kukawathandiza kusenda mbatatesi, kope lili m'thumba.

M'kalasi anatiuza kuti mafuta amaonongeka ndi zinthu zitatu: moto, mpweya ndi madzi. Pa chiwaya zonsezi zilipo. Mafuta amakhala pamtetete kuyambira m'mawa, nkhuni zikuyakabe ngakhale kasitomala kulibe, ndipo mbatatesi amazivuula m'ndowa n'kuziponyamo madzi ali chuchuchu. Tchipisi chimapsa bwino pa madigiri 170 mpaka 180. Moto ukapitirira kwambiri pamenepo mafuta amayamba kufuka, ndipo utsi umenewo ndi mafutawo akusweka n'kusanduka zinthu zina zoipa m'thupi. N'chifukwa chake umayabwa m'maso ndi kukhosi.

Lolemba achimwene anathira malita 5 atsopano. Ine ndinkatapa pang'ono madzulo alionse n'kusunga m'kabotolo kagalasi, kuti ndizifananitsa. A Lolemba anali oyera ngati uchi wosungunuka. A Lachitatu anali ngati tiyi wopanda mkaka. Lachinayi sindinafunenso kabotolo. Titangoponya mbatatesi, thovu linakwera, osati lija limaphulika n'kutha msanga, koma laling'onoling'ono lokhalitsa ngati la sopo. Mafuta ankafuka moto usanakolere n'komwe, ankatsika mwaulesi pa chipande, ndipo m'mbali mwa chiwaya munali zomata ngati ulimbo. Tchipisi chake chinkada kunja m'kati chisanapse, pepala lokulungira n'kunyowa lonse. Zizindikiro zimenezi zikakumana, mafutawo atha ntchito. Mayiko ambiri ali ndi lamulo loti zoonongeka m'mafuta zikafika pafupifupi 25 peresenti atayidwe, ndipo pali kachipangizo koyezera, koma pa siteji tili ndi maso ndi mphuno basi.

Ndinawauza. Anaseka. "Iwe, sukulu yakupweteka. Si ndimasefa tsiku lililonse? Ndiponso dzulo ndathiramo lita yatsopano."

Apa m'pamene ndinamvetsa zimene ndinangolemba m'kope osazilingalira. Kusefa kumachotsa zinyenyeswa zokha. Zimene zaonongeka kale zimakhala zitasungunukira m'mafuta momwemo, ndipo zimadutsa pa nsalu iliyonse. Tinasefa a Lachinayiwo kawiri, koma titawateleka thovu linabweranso. Kuthirira atsopano nako kumangobisa mtundu, chifukwa akalewo amafulumizitsa kuonongeka kwa atsopano. Choncho kusefa n'kothandiza mafuta akadali abwino, popeza zinyenyeswa zikagonamo mawa zimapserera n'kudetsa onse.

Kasefedwe kawo nakonso kanali kokayikitsa. Ankathira mafuta akadali otentha m'chigubu chapulasitiki, chomwe chinali chitapindika kale kukamwa, kudzera pa sefa ya tiyi. Tsopano timaphula moto n'kudikira mpaka atangotsala ofunda, chifukwa akazizira kwambiri amachedwa kudutsa. Timayala nsalu yoyera ya thonje, yopinda pawiri, pamwamba pa sefa yawaya, n'kuthira pang'onopang'ono m'poto wouma. Zakuda zotsalira pansi sitizikakamiza, timazisiya. Nsaluyo imachapidwa ndi kuyanikidwa mpaka kuuma gwa, poti dontho la madzi likalowa m'mafuta otentha mawa amathetheka n'kuotcha munthu. Akazizira timawathira m'chigubu choyera, chouma, chomwe munali mafuta ophikira kale, osati cha petulo kapena mankhwala. Chigubucho chizikhala chodzaza ndithu kuti mpweya uchepe, chotsekedwa bwino, ndi pamthunzi m'nyumba, kutali ndi moto. Kuwasiya m'chiwaya usiku wonse ndiye ayi, chitsulo nacho chimawaononga.

Zina ndi zazing'ono. Mbatatesi timazikhetsa madzi m'lichero tisanakazinge, mchere timathira m'mbale osati pamwamba pa chiwaya, ndipo kukakhala zii timasolola nkhuni ziwiri. Chimene tinakangana kwambiri ndi nkhuku ndi zigege. Izi zimasiya magazi, zokometsera ndi ufa, moti mafuta amada tsiku limodzi. Ndinati zikhale ndi mafuta akeake.

"Ndalama yake upereka ndiwe?" anandifunsa.

Sindinayankhe, chifukwa ndimaona mmene amawerengera ndalama usiku. Tinagwirizana zoti asiye kuthira malita 5 nthawi imodzi. Amathira 3, okwanira pa dzenje la pakati pa chiwaya, ndiye ambiri amatha ndi tchipisi asanakalambe, ndipo otaya amakhala ochepa. Za nkhuku sanavomerebe. A Lachinayi aja sitinataye m'ngalande. Tinawathira m'botolo lakale, ndipo alamu akukolezera mbaula.