Kalavati wa pageti: ngalande ndiyo yasankha zipangizo

Makalavati asanu afika Loweruka pa ngolo ziwiri, ndipo ali gone m'mbali mwa mpanda. Aliyense ndi wotalika mita imodzi, kukamwa kwake mamilimita 600. Anzanga ena pano pa Kasungu ankandiuza kuti ndingoika mapaipi awiri a 300 moyandikana poti ndi otchipa komanso opepuka. Ndakana. Paipi ya 300 sikuti ndi theka la ya 600 ayi, malo odutsa madzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kotero ziwirizo pamodzi zimangofika theka. Komanso dothi lathu lino ndi lamchenga. Mvula yoyamba imakokolola mchenga, mapesi ndi majumbo, ndipo m'paipi yaing'ono fosholo silowa. Mu 600 munthu ukhoza kugwada n'kukokola.

Pogula sindinangoloza. Kalavati aliyense ndimamugogoda ndi hamala: wabwino amalira ngwee, wa mng'alu kapena wosakhwima amangoti phu. Kenaka ndimakanda m'mphepete ndi msomali. Mchenga ukamayoyoka, dziwani kuti simenti anamana. Woumbayo sanabise kuti mkati mulibe waya, ndipo mawu amenewo ndiwo asintha mndandanda wonse wa zogula.

Nkhani yake ili pa kuya kwa ngalande. Kuchokera pansi poyenda madzi kufika pamwamba pa msewu ndapeza masentimita 80. Kalavati pamodzi ndi khoma lake lapamwamba akudya pafupifupi 66, kutsala 14 basi. Kuti dothi lokha liteteze kalavati, pamafunika masentimita osachepera 30 otsenderedwa bwino, ndipo ngati pazidutsa lole yonyamula chimanga kapena mabelo a fodya, pamafunika oposa pamenepo. Dothi lochepa silimwaza katundu, tayala limaponda ngati lili pa kalavati penipeni, ndiye wopanda waya amang'aluka pamsana m'litali mwake. Wina angati ingokumbani kwambiri. Koma kalavati akatsika kuposa ngalande, madzi amaima mkati, mchenga n'kudzaza. Choncho ndamanga mfundo yomukuta ndi konkire ya masentimita 15 pansi, m'mbali ndi pamwamba, n'kuyala waya wolukana ngati ukonde wa BRC m'konkire yapamwambayo.

Masamu ake ndawachita pachikuto cha kope. Dzenje likhala mita imodzi m'lifupi, mita imodzi kuya, mamita asanu m'litali. Kuchotsapo malo a makalavatiwo, konkire ikukwana ma kiyubiki mita atatu. Ndisakaniza 1:2:4, kutanthauza thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a kwale. Wilibala yake yodzaza mosefa, osati yamtumbira. Zonse zikubwera matumba 20, mchenga mawilibala 20, kwale 40. Apa sindinawerengere makoma a njerwa zootcha a kumutu ndi kumchira, omwe amaletsa madzi kudya dothi la m'mbali. Amenewo afuna matope a thumba limodzi pa mawilibala awiri a mchenga. Simenti pokhapo sitiyendera kutali, fakitale ya Shayona ili m'boma lathu lomweli.

Mchenga ndiye wandichedwetsa. Mnyamata wa ngolo anabweretsa chitsanzo cha kudambo, chooneka bwino ndithu ndi maso. Ndinathira m'botolo mpaka theka, kuwonjezera madzi ndi kamchere pang'ono, kukhutchumula, n'kusiya usiku wonse. M'mawa mchenga unali pansi, koma pamwamba pake panakhala matope okhuthala ngati chala chachikulu. Pa mchenga wa masentimita 10, matope akafika sentimita yathunthu ndi ochuluka kale, chifukwa amakuta timiyala simenti osagwira. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, uwu ayi, mundipezere wa kumtsinje." Wa kumtsinjewo watulutsa kamzere kopyapyala, ndipo ukaufikisa m'manja umakanda osasiya utoto.

Dzenje takumba kale ndipo levulo taponya ndi paipi ya madzi. Kumchira kwatsika masentimita 10 pa mamita asanuwo, ndiye kuti awiri pa mita iliyonse, okwanira kuti madzi azikoka okha mchenga. Mmisiri amene akundithandiza wandichenjeza kuti tisathire konkire yonse tsiku limodzi, poti kalavati wopanda kanthu mkati amayandama m'konkire yamadzi n'kusiya mzere. Tiyamba ndi yapansi, tikhazike makalavati ndi kumata polumikizira, tithire mpaka m'chiuno, ikagwira tidzamalize pamwamba.

Pambuyo pake tidzafunditsa masaka onyowa ndi kuthirira masiku 7, ndipo lole isadzapondepo asanathe masiku 28. Mvula ikayamba mu Novembala konkire iyenera kukhala itakhwima kale, ndiye kwale akuyenera kufika sabata ino. Galimoto pakadali pano ikugona kwa aneba.