Chigoba cha payi: nyemba zidzaze mpaka m'milomo

Pa ntchito yanga yophika payi wa mazira, mkaka ndi anyezi, tsopano ndafika poti pansi pake pakumatuluka pouma, pothyoka bwino ndi foloko. Chasintha n'chakuti chigoba ndikumayamba ndachiphika pachokha, ndisanathiremo kanthu. Mazira osakaniza ndi mkaka amafuna moto wochepa kuti agwirane, pamene mtanda wa fulawa umafuna moto wambiri kuti uume. Mukaziika limodzi zonse zili zaziwisi, madzi a zam'kati amalowerera mu mtanda, pamwamba nkupsa, pansi nkutsala phala.

Thini yanga ndi ya masentimita 23. Ndimafikisa ndi zala magalamu 100 a majarini olimba, ozizira, mu magalamu 200 a fulawa ndi kamchere, kenako masupuni awiri kapena atatu a madzi ozizira. Sindikanda ngati wa mandasi, ndimangousonkhanitsa kuti ugwirane. Ndikaupyapyalitsa ndi botolo mpaka mamilimita atatu, ndimauyala m'thini moukhazika m'ngodya osaukoka, chifukwa mtanda wokokedwa umabwerera ukamva moto. Ndimabayabaya pansi ndi foloko nkuika thini yonse m'firiji mphindi 30. Kuno ku Dedza, m'mawa wa Juni ndi Julaye kuzizira kumatithandiza, majarini sasungunuka m'manja. Mu Okutobala firiji ija musaidumphe.

Nkhani yagona pa zolemetsa. Ambiri amamwaza nyemba zochepa pansi poganiza kuti ntchito yake ndi kuletsa mtanda kutukumuka basi. Ntchito ina, yomwe kwa ine ndiyo yaikulu, ndi kuchirikiza m'mbali. Mphindi zoyamba mu uvuni mafuta amasungunuka fulawa asanalimbe, ndipo khoma la chigoba likasowa chotsamira limatsetserekera pansi. Mumapeza chigoba chomwe munachiumba chakuya chasanduka chosaya, mbali ina yapindikira m'kati, moti mazira mulibe powathira. Choncho ndimayamba ndafinyafinya pepala lophikira kuti lifewe ndi kulowa bwino m'ngodya, nkuliyala, kenako nkuthira nyemba zouma mpaka m'milomo mwa thini, ndikuzikankhira kukhoma ndi zala. M'thini yangayi mumalowa zoposa theka la kilogalamu. Zanga ndinagula pa Lizulu, ndipo ndimazisunga m'botolo lakelake, popeza nyemba zolowa mu uvuni siziphikikanso ndiwo koma zimagwira ntchitoyi kambirimbiri. Mpunga nawo umatheka. Chimanga cha mbuliwuli chokha ayi, chingakuphulikireni.

Uvuni ndimautenthetseratu pa madigiri 200, thireyi yachitsulo ili kale m'kati, kuti thini ikafikire pa chinthu chotentha ndipo pansi payambe kupsa nthawi yomweyo. Ngati uvuni wanu uli ndi fani, 180 yakwana. Ndi nyemba zija chigoba chimakhalamo mphindi 15. Wotchi ikakwana ndimatukula kangodya ka pepala nkusuzumira. M'milomo mukhale mutayamba kufiirira pang'ono, khoma litaima lokha. Pepala likamamatirira, kapena khoma likamaoneka lonyezimira ndi mafuta, ndimabwezera mphindi zitatu.

Apa anthu amathamangira kuthira zam'kati, koma chigoba chimakhala chisanathe. Pansi pomwe panali nyemba pamakhala potuwa, ponyowa, chifukwa nthunzi inalibe potulukira. Ndimachotsa pepala ndi nyemba nkubwezera chigoba chili chopanda kanthu. Pa payi wa mazira, yemwe adzalowanso mu uvuni, mphindi 5 mpaka 7 zimakwana, mpaka pansi paoneke pouma ngati bisiketi yosafiira. Ngati mudzaikamo zosaphikanso, monga kasitadi wophika kale ndi mapichesi, tsitsani moto pa 180 ndipo chikhalemo mphindi 10 mpaka 12, chifiire chonse. Pansi pakatukumuka, ndimangotsindira ndi kumbuyo kwa supuni chikadali chotentha.

Chomwe ndawonjezera posachedwapa ndi dzira. Chigoba chikangotuluka ndimachipaka dzira lomenya pang'ono, makamaka m'mabowo a foloko ndi paliponse pomwe pang'aluka, nkuchibwezera mphindi ziwiri. Dziralo limauma nkutseka timabowo, moti mkaka sudonthera pansi pa thini. Kenako ndimatsitsa uvuni pa 170, nkuthira mazira atatu omenyera mu mamililita 300 a mkaka pamwamba pa anyezi wokazinga, wozizira ndi wotsanulidwa mafuta. Pakatha mphindi pafupifupi 30 pakati pamangogwedera pang'ono, ndiye kuti wapsa.

Chatsala ndi kuyesa zomwezi pa mbaula, makala pansi ndi pa chivundikiro, pokonzekera masiku omwe magetsi amathima. Kumeneko ndiyamba ndayala mchenga m'poto wamkulu kuti thini isakhudze chitsulo ndi kupserera pansi khoma lisanalimbe.