Mametikali amene ankatha mwakachetechete

Ndimagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe, ndipo malipiro anga amadzera ku banki. Kwa miyezi ingapo ndinkaona kuti ndalama sizikufika kumapeto kwa mwezi, koma ndinkangonamizira kukwera kwa mitengo ya zinthu, mpaka tsiku lina makina atandikaniza kutapa mametikali 500 amene ndinkadziwa kuti alimo.

Ndinapempha pepala losonyeza kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama ka miyezi 8, ndipo usiku ndinakhala pamphasa ndi cholembera n'kumachonga mzere uliwonse umene ukubwerezabwereza pa tsiku lofanana la mwezi. Apo ndi pamene mbala imabisala. Ndinapeza mametikali 120 a inshuwalansi ya maliro imene ndinaisayinira osawerenga tsiku lotsegula akaunti, kutanthauza kuti 960 anali atapita kale. Imeneyi sinavute, chifukwa ndinalemba kalata yoiletsa, ndipo mayi wa pakauntala anadinda chidindo pa kope langa. Kope lodindidwalo musamalisiye m'manja mwawo.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi akaunti yakale imene ndinatsegula ndikugwira ganyu ku Moatize. Ine ndinkaganiza kuti akaunti ikakhala yopanda ndalama imafa yokha, osadziwa kuti ankapitiriza kuilipiritsa mpaka inasanduka ngongole, imene ankaidula ku akaunti ya malipiro popeza zonse zili m'dzina langa ku banki imodzi. Anandiuza kuti ndikaitsekere komwe ndinaitsegulira. Ndinapempha tchuthi kwa abwana, ndinakwera shapa kusanache, ndinaima pamzere m'kutentha kwa ku Moatize kuyambira 9 koloko, ndipo nditafika kutsogolo cha m'ma 1 koloko, bambo wina anati, osandiyang'ana n'komwe, “Achimwene, kalata yanuyi ikusowa nambala ya msonkho ya NUIT, komanso makina sakugwira, mubwere mawa.” Ndinagona kwa asuweni anga ku Tete, ndipo ndalama yoyendera inaposa ngongole imene ndinkakatseka. Mawa lake ndinapita ndi chitupa changa cha BI, NUIT ndi kalata ya m'Chipwitikizi, ndinalipira zotsalazo, ndipo ndinakana kuchoka pakauntala mpaka atadinda kope langa ndi kulembapo tsiku.

Ndaiwala kutchula za foni, zimene kwenikweni ndinayamba nazo. Mayunitsi ankachepa ndi mametikali 5 tsiku lililonse chifukwa cha nyimbo imene oimba foni ankamva ndisanayankhe, ndipo pamwezi ndi 150. Ndinazindikira poona zotsala usiku ndi m'mawa ndisanaimbire aliyense, kenaka ndinaimbira kampaniyo kuti aichotse.

Mwezi wotsatira ya inshuwalansi ija inadulidwanso. Ndinabwerera ndi kope lodindidwa lija, mayi uja analiyang'ana, anapepesa, ndipo 120 yanga inabwezedwa Lachisanu la sabata yomweyo.